Madontho okulitsa mwanadiso poyeza maso a mwana: ntchito yake yeniyeni ndi zimene zimatsatira

Funso: "Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4. Diso lake lamanzere limathawira kumphuno, makamaka madzulo akatopa. Kuchipatala anamudontheza mankhwala, tinadikira pafupifupi ola lathunthu, ndipo potuluka kakuda ka pakati pa diso kanali katakula ngati ka mphaka usiku. Analira ndi dzuwa mpaka mawa lake. Agogo ake akuti amuononga maso. Tsopano andipatsa kabotolo ka atiropini kuti ndizimudontheza kunyumba masiku atatu, kenako tibwerere. Komatu mwanayu amaona bwino, ngakhale nyerere pansi amatola. N'zofunikadi zimenezi? Nanga ndiyembekezere zotani?" Mayi wa ku Chiputula, Mzuzu

Mayi, kabotoloko musakataye, ndipo tsiku lobwerera musalilumphe. Agogo auzeni mwaulemu kuti maso a mdzukulu wawo sanaonongeke. Mphamvu ya mankhwala amenewa imatha yokha, diso n'kubwerera mmene linalili osasiya chilema chilichonse. Koma poti ndinu amene mudzagwire kabotoloko m'mawa ndi madzulo, mwana akuponda miyendo, agogo akuyang'ana cham'mbali, ndi bwino mudziwe chimene dontholo likukachita m'kati mwa diso.

Tonse timawatchula kuti mankhwala okulitsa mwanadiso chifukwa n'zimene zimaoneka. Kwa munthu wamkulu wodwala shuga dzinalo n'lokwanira, poti timangofuna khomo litseguke kuti tisuzumire kumbuyo kwa diso. Kwa mwana wa diso lothawira kumphuno, kukula kwa mwanadiso ndi kaphindu kapambali chabe. Ntchito yaikulu imachitika kuseri, kumene inu simungaone.

Kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi kofewa, kochepa ngati njere ya nyemba yophwatalala, ndipo kazunguliridwa ndi kamnofu konga mphete. Kamnofuko kakakungika, kagalasi kamafufuma, mphamvu yake n'kukwera, ndiye zapafupi zimaoneka bwino. Kakamasuka, kagalasi kamaphwa, diso n'kumaona zakutali. Mphamvu imeneyi timaiwerenga m'madayoputa, omwe ndi manambala aja mumaona pa pepala la magalasi monga +2.00 kapena -1.50. Kuti diso labwinobwino liwerenge buku lili pa mtunda wa masentimita 33, kamnofu kayenera kuwonjezera madayoputa atatu. Mwana wa zaka 10 angathe kuwonjezera pafupifupi 14. Munthu wa zaka 45 amatsala ndi atatu kapena anayi okha, n'chifukwa chake anzanga ndi ine timayamba kuitalikitsa foni mpaka mkono kutha.

Tsono pali ana amene diso lawo n'lalifupi pang'ono kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Diso lotere likangokhala phee, chithunzi sichigwera bwino pa kansalu ka kumbuyo kotchedwa retina, ndipo zonse zimaoneka mwachimbuuzi, zakutali ndi zapafupi zomwe. Ana aang'ono ambiri ali nako kuperewera kumeneku pang'ono, +1.00 kapena +2.00, ndipo si vuto. Ena ali ndi +4.00, +5.00, mwina kuposa. Mwana wotere sadandaula, chifukwa ali ndi mphamvu zambiri zosungira. Amangokunga kamnofu kaja kuyambira podzuka mpaka pogona, ndipo amaona. Nyerere amatoladi. Zithunzi za pa tchati cha kuchipatala amatchula. Chimene sitidziwa n'chakuti akulipira zingati kuti aone choncho.

Ganizirani wakabaza wamphamvu atakunyamulani pa zitunda za mu Mzuzu muno. Akupalasa, akucheza nanu, akuseka, moti inu kumbuyoko mungayese msewu ndi wosalala. Mutafuna kudziwa kukula kwa chitundacho, muuzeni achotse mapazi pa mapedulo, muone mmene njinga ibwerere m'mbuyo. Mwana wa zaka 4 simungamuuze kuti amasule kamnofu ka m'diso. Ngakhale wamkulu sangathe mwa kufuna kwake. Madontho ndiwo amachotsa mapaziwo pa mapedulo kwa kanthawi, kuti tiyeze chitunda chenicheni.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi diso lothawira kumphuno? Ubongo unamangirira zinthu ziwiri pa chingwe chimodzi: kukunga kamnofu kaja ndi kukokera maso onse m'kati. Yesani kubweretsa chala pafupi ndi mphuno ya munthu, muona maso ake akusonkhana. N'zoyenera, popeza chinthu chapafupi chimafuna zonse ziwiri. Koma mwana wa +5.00 amakunga madayoputa asanu pongoyang'ana mtengo uli kutsidya kwa msewu, ndipo asanu ndi atatu poyang'ana chidole chili m'manja. Chingwe chija chikakokedwa kwambiri choncho, diso limodzi limagonja n'kulowera kumphuno. Kawirikawiri zimayamba mwana ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu, poyamba mwa apo ndi apo, akatopa, akadwala kapena akamayang'anitsitsa kanthu kakang'ono. Zikapitirira, ubongo umayamba kulinyalanyaza diso lokhotalo pofuna kupewa kuona ziwiriziwiri, ndipo diso lonyalanyazidwa siliphunzira kuona. Kuphunzira kumeneku kumachitika makamaka mwana asanafike zaka 7 kapena 8. Ndiye kuthamanga kumene mukuona kwa anzathu kuchipatala kuli ndi chifukwa.

Ndikufotokozereni mmene zimayendera m'chipinda choyezera, ndi manambala ngati amene timakumana nawo pa mwana wa msinkhu wa wanuyo. Timathimitsa magetsi, mwana ali pamiyendo pa mayi ake. Ine ndimakhala pa mtunda wa mkono wanga, masentimita 67, ndi katochi kotchedwa retinosikopu. Ndimayendetsa kamzere ka kuwala pa mwanadiso n'kumaona kuwala kofiirira kumene kukubwerera kuchokera ku retina. Ngati kukuyenda mbali imodzi ndi dzanja langa, ndimaika magalasi a pulasi kutsogolo kwa diso, kuwonjezera pang'onopang'ono, mpaka mwanadiso yense atadzaza kuwala osayendanso. Mwana safunika kuyankha chilichonse, n'chifukwa chake ngakhale khanda timaliyeza.

Popanda mankhwala, mwana wotere amandipatsa +1.50, kenako +2.50, kenako akayang'ana tochi yanga nambala imatsika mpaka +0.75. Kuwala kumangosinthasintha ngati nyali ya koloboyi pamphepo. Palibe nambala pamenepo yoti munthu angadulitsire magalasi. Tikadontheza mankhwala a kuchipatala otchedwa saikulopentoleti, a 1 peresenti, dontho limodzi kenako lina patatha mphindi zisanu, n'kudikira mphindi 40, ndimapeza mwina +3.50, koma ndikamuonetsa kachidole pafupi, kuwala kumasinthabe pang'ono. Ndiye kuti kamnofu kakupalasabe ndi phazi limodzi. Atabwera patatha masiku atatu a atiropini, kuwala kumakhala bata. Diso lamanja likudzaza pa galasi la +6.50, lamanzere pa +7.25. Pa manambalawa ndimachotsa 1.50 chifukwa cha mtunda umene ndakhala, ndiye zoona zake n'zakuti lamanja ndi +5.00, lamanzere +5.75. Taonani kusiyana kwake. Mwana uja ndikanamupatsa +1.50, akanavala magalasi miyezi isanu ndi umodzi diso likukhotabe, makolo n'kunena kuti magalasi sathandiza, mwinanso nkhani ya opaleshoni n'kuyambika pa diso limene limangofuna magalasi oyenera. Ndipo onani kuti diso lothawa lija ndi limene lili ndi nambala yaikulu. Nthawi zambiri zimatero, ubongo umasankha diso lopepukirako ntchito.

Mwina mukufunsa chifukwa chake madontho a tsiku loyamba sanakwane, pamene mwanadiso anachita kukula chotero. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba ndi mtundu wa maso athu. Gawo lozungulira mwanadiso mwa ife ambiri n'labulawuni woderatu, ndipo utoto wachilengedwe umene uli mmenemo umagwira mankhwala ngati thonje, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Motero mankhwala amachedwa kugwira, ndipo nthawi zina sagwira mokwanira. Mabuku amati dikirani mphindi 30, koma pa maso a kuno ine sindiyeza mphindi 40 kapena 45 zisanakwane, ngakhale mzere panja utafika pakhonde. Chachiwiri n'chakuti mwanadiso ndi kamnofu ka kagalasi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwanadiso angathe kukula kamnofu kasanagone. Pali ngakhale mankhwala ena, fenailefirini, amene amakulitsa mwanadiso koma kamnofu osakakhudza n'komwe. Choncho woyeza wosamala sakhutira ndi kukula kwa kakudako. Amayang'ana ngati kuwala kwa retinosikopu kwasiya kusintha. Amene anakuyezerani mwana ataona kuti sikunasiye, anachita bwino kusalemba magalasi tsiku lomwelo. Pali ana ambiri amene saikulopentoleti amawakwanira ndipo safunika atiropini, koma pa mwana wamng'ono wa maso oderapo amene diso likuthawira m'kati, dayoputa imodzi yobisala ikhoza kukhala imene ikukhotetsa disolo.

Kamnofu kameneka kamanamizanso mbali inayo. Mwana wa sitandade 6 wodandaula mutu akaikidwa pa makina oyezera maso opanda madontho, amasuzumira m'kabokosi, diso n'kuyesa kuti chithunzi chili pafupi, kamnofu n'kukungika. Makina amatulutsa kapepala ka -1.50, ngati kuti mwana saona patali. Mwana yemweyo mutamudontheza, mupeza +0.50, kutanthauza kuti magalasi a mainasi sakuwafuna, ndipo akawavala mutu uja uwirikiza. Ine maganizo anga ndi akuti magalasi oyamba a mwana wa pulayimale asalembedwe popanda madontho, kaya makinawo ndi okwera mtengo chotani.

Za kusuzumira kumbuyo ndingonena mwachidule. Mwanadiso wa mwana akawalitsidwa tochi amafinyika mpaka mamilimita awiri kapena atatu, ndipo kuona retina pamenepo kuli ngati kuyang'ana m'nyumba kudzera pa kabowo ka kiyi. Akakula kufika mamilimita 7 kapena 8, timaona mtsempha wa diso, mitsempha ya magazi ndi m'mphepete monse. Timatero chifukwa nthawi zina diso limakhota poti m'kati mwake muli ng'ala, chipsera, kapena chotupa cha khansa chotchedwa retinobulasitoma. Sizichitika kawirikawiri, koma mwana aliyense wa diso lokhota ayenera kuonedwa kumbuyoko kamodzi. Paja madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi amene anathandiza dziko lonse kudziwa kuti mwana wokomoka ndi malungo a mu ubongo amakhala ndi zizindikiro zake pa retina, ndipo nawonso amadontheza mankhwala okulitsa mwanadiso kuti azione.

Tsopano za kunyumba. Zimene mudzaone zimadalira botolo limene lagwiritsidwa ntchito, ndiye nthawi zonse muzifunsa dzina lake ndi kuona kuti lalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Tiropikamaidi ndi wofulumira, amagwira m'mphindi 20 kapena 30 ndipo pofika maola anayi mpaka asanu ndi limodzi wasuluka, koma ndi wofooka pa kamnofu ka mwana wamng'ono. Saikulopentoleti, amene ndikuganiza kuti ndi amene mwana wanu analandira, amatha pafupifupi tsiku limodzi, mwanadiso nthawi zina n'kuchedwerako mpaka tsiku lachiwiri. Atiropini ndiye mkulu wawo. Chimbuuzi cha zapafupi chimatenga sabata imodzi kapena kupitirira, ndipo mwanadiso angathe kukhala wamkulu mpaka masabata awiri kuchokera pa dontho lomaliza. Agogo auzeni zimenezi lero, dontho loyamba lisanagwe, chifukwa akadzaona tsiku la 10 kakuda kadakali tong'o adzati aja ndinanena. Musadabwenso diso limodzi likayamba kubwerera lisanabwerere linzake.

Kadonthezedwe kake nkofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Kawirikawiri timalemba dontho limodzi m'diso lililonse, kawiri pa tsiku, masiku atatu, koma tsatirani zimene zalembedwa m'kabuku kanu, poti mlingo umasintha malinga ndi msinkhu ndi thupi la mwana. Sambani m'manja. Mugonekeni chagada pamphasa kapena pamiyendo panu, wina amugwire manja mofatsa. Kokerani chikope cham'munsi pansi kuti pakhale kathumba, donthezani dontho limodzi, nsonga ya botolo isakhudze diso kapena nsidze. Mukatero, dinikizani ndi chala pakona ya diso ya kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo pukutani zimene zayenderera patsaya. Pakona pamenepo pali kanjira ka misozi kotsikira m'mphuno, kamene kamachititsa kuti munthu akalira atuluke mamina. Dontho likatsikira mmenemo limalowa m'magazi, ndipo zovuta zambiri za atiropini zimachokera pamenepo. Chala chanu ndiye chitseko.

Mwana akatsinzina zolimba, musalimbane naye mpaka kumutong'ola. Musiyeni atsinzine ali chagada, donthezani pakona ya kumphuno ija, dontho likhale ngati kadziwe, ndiye mumuuze kuti atsegule aone amene wabwera. Akangophethira, lalowa. Ena amadontheza mwana ali m'tulo, ndipo zimatheka. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi ichi: mayi wadontheza, mwana walira, mayi akuganiza kuti misozi yakokolola zonse, ndiye akuwonjezera lachiwiri ndi lachitatu. Ayi. Ngati dontho lakhudza diso, lalowa. Mukaiwala nthawi imodzi, musadzabwezere awiri nthawi yotsatira, ingopitirizani ndi kudzatiuza. Ngati anakupatsani atiropini wopaka wa m'kachubu, mlingo wake ndi ngati njere ya mpunga m'kathumba ka chikope, ndipo m'mawa wa tsiku loyeza sitipaka, chifukwa mafuta ake amatchinga kuwala kwa tochi yathu.

Mukamaliza sambaninso m'manja. Tsiku lina kunabwera mayi wina ali wefuwefu, mwanadiso wake wamanja ali wamkulu, wamanzere wabwinobwino, ulusi sukulowa pa singano. Achibale anali atayamba kale kunena za sitiroko. Titafunsitsa, tinapeza kuti dzulo lake anadontheza mwana wake atiropini n'kudzitikita m'maso. Anakhala choncho kupitirira sabata.

Kuwawa kwa dontho ndi kwa masekondi ochepa, ngati sopo walowa m'maso. Saikulopentoleti ndiye amaluma kwambiri, atiropini amachita chifundo pang'ono. Musamunamize mwana kuti sizipweteka, chifukwa mawa sadzakulolani. Muuzeni kuti ziwawa pang'ono, muwerenge naye mpaka 10, zatha.

M'masiku amenewa adzathobwa m'maso ndi dzuwa, chifukwa mwanadiso sakutha kufinyika. Chipewa cha mlomo waukulu, ambulera, kapena chitenje chophimba kumutu mukakwera naye kabaza n'zokwanira. Magalasi akuda ngati alipo ndi abwino, koma musachite kukongola ndalama. Kuwala kwa masiku onse sikumuononga diso, kumangomusowetsa mtendere, bola asayang'ane dzuwa lenilenilo. Kuno tili ndi mwayi wa mitambo ndi mvula yowaza ija ya miyezi yozizira. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, kapena mukatsikira naye ku Nkhata Bay kapena ku Karonga, samalani kwambiri, chifukwa atiropini amachepetsa thukuta ndipo thupi la mwana limatentha msanga. Azisewera pamthunzi, azimwa madzi pafupipafupi.

Zapafupi adzaziona mwachimbuuzi. Adzaphonya potola nyemba m'mbale, adzataya chidwi ndi zojambula, adzakubwezerani foni, mwina adzanyanyala popanda chifukwa chooneka. Ndipo pali chinthu chimene makolo ambiri sauzidwa: ngati mwana wanu alidi ndi pulasi wamkulu, ngakhale zakutali zidzachita chimbuuzi, chifukwa mphamvu imene ankabisira vuto lija taichotsa. Mwana wa maso abwinobwino akadonthezedwa amathamanga panja ngati palibe chachitika. Wa +5.00 amayenda mogwira siketi ya mayi ake, amazengereza pa sitepe, sakuzindikirani msanga muli kutsidya kwa bwalo. Mukaona zimenezi musati mankhwala amuchititsa khungu. Mukuona kwa nthawi yoyamba mmene diso lake lilili likapanda kudzikakamiza. Choncho pa masiku amenewa akhale kutali ndi mbaula ndi mapoto a pamoto, asawoloke msewu yekha, asakwere mitengo. Ku sukulu ya mkaka angathe kupita ngati aphunzitsi auzidwa kuti asamukakamize kulemba. Kwa mwana wamkulu, atiropini sitimuyambitsa sabata ya mayeso. Diso lothawa lija nalo lingasinthe khalidwe pa masiku amenewa, mwina kuwongoka, mwina kukhota kuposa kale pamene mankhwala akugwira kapena akusuluka. Zonsezo si zoopsa, koma mudzatiuze.

Zoopsa zenizeni n'zosowa, koma muyenera kuzidziwa. Mankhwala akalowa m'magazi mopitirira, mwana amatentha thupi koma khungu lili gwa, louma, lopanda thukuta. Mabuku amati nkhope imafiira, koma pa khungu lathu kufiirako sikuoneka msanga, ndiye gwiritsani ntchito dzanja: gwirani masaya ndi makutu, onani milomo ngati yauma, mverani ngati akupempha madzi kosalekeza. Mtima umathamanga. Ena amasowa mtendere, amalankhula zosamveka, amatola zinthu zosaoneka m'malere, amadzandira ngati woledzera, kapena amagona tulo tosadzutsika bwino. Ena amakanika kukodza. Mukaona chimodzi mwa izi, lekani kudontheza, mupukuteni ndi kansalu konyowa, mumwetseni madzi ngati ali maso, ndipo pitani naye ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo kabotolo kali m'manja. Musakhale pakhomo n'kumati ndi mankhwala aja atha okha, chifukwa kutentha thupi ndi kubwebweta kwa mwana kuno kukhoza kukhalanso malungo, ndipo ayenera kuyezedwa magazi. Musapitenso n'kukabisa za atiropini, poti adokotala akaona mwanadiso wamkulu wosafinyika ndi tochi pa mwana wodwala adzaganiza za vuto la mu ubongo. Kutupa ndi kuyabwa kwa zikope kumasonyeza kuti thupi lake silikugwirizana ndi mankhwalawo, ndipo pamenepo timasiya n'kusintha. Diso lofiira psuu, lopweteka kwambiri, mwana akusanza, nalo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kuti mwa ana sizichitikachitika.

Pali ana amene timawachepetsera mphamvu ya mankhwala kapena kuwasankhira ena: makanda osakwana chaka, obadwa masiku asanakwane, onyentchera, odwala khunyu kapena amene anakomokapo, amene ubongo wawo unavulala pobadwa, obadwa ndi vuto lotchedwa dauni limene limachedwetsa kukula ndi kuphunzira kwa mwana, ndi a vuto la mtima. Ana a khungu lachialubino maso awo alibe utoto wambiri wogwira mankhwala, ndiye amagwidwa msanga ndipo dzuwa limawazunza koposa. Ngati mwana wanu ali m'gulu limeneli, kapena akumwa mankhwala ena alionse, ndipo simunanene tsiku lija, bwererani mukanene musanayambe kudontheza.

Kabotoloko kasungeni ngati mmene mumasungira mankhwala a makoswe. Atiropini wa 1 peresenti ali ndi mamiligalamu 10 pa mililita imodzi, ndiye kabotolo ka mamililita 5 kali ndi mamiligalamu 50, okwanira kupha mwana wamng'ono atamwa. Kakhale pamwamba kapena mokiya, osati pawindo kapena m'chikwama chimene ana amapisamo kufuna maswiti. Musabwereke mnansi wa maso ofiira, ndipo agogo asadonthezeko poti maso akuwayabwa. Kwa munthu wachikulire, mankhwalawa angathe kutseka njira ya madzi a m'diso, madziwo n'kuchulukana ndi kupanikiza diso mwadzidzidzi mpaka kuononga kuona. Mukamaliza masiku atatu, bwererani nako kuchipatala mukakasiye.

Tsiku lobwerera pitani m'mawa, mwana atadya, ndipo mukanene zoona za madontho amene analowa ndi amene anaphonyeka. Ngati nambala ituluka yaikulu, mwana wa diso lothawira m'kati timamupatsa yonse osachotsera, kusiyana ndi mwana wa maso owongoka amene timamuchepetserako. Yesetsani kuti magalasi apangidwe msanga, chifukwa akawavala atiropini asanasuluke amaona bwino nthawi yomweyo n'kuwakonda. Akachedwa mpaka kamnofu katadzuka, kamayambiranso kupalasa mwachizolowezi, ndipo sabata yoyamba kapena ziwiri mwana amati magalasi akumuchititsa chimbuuzi, n'kumasuzumira pamwamba pake. Limbikirani kuti azivala tsiku lonse, kamnofu kadzaphunzira kumasuka. Mudzaonanso kuti akavula magalasi diso likuthawa, mwina kuposa kale. Si kuti magalasi amuonjezera vuto. Chimene timayang'ana n'chakuti ali chivalire maso ali bwanji. Pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu timamuonanso, kuyeza diso lililonse palokha. Ngati lamanzere latsalira pa tchati, tidzayamba kumata lamanja maola angapo pa tsiku kuti laulesilo ligwire ntchito. Ndipo madontho mudzakumana nawonso, kawirikawiri kamodzi pa chaka, popeza diso likamakula nambala imasintha, ngakhale kuti maulendo otsatirawo nthawi zambiri saikulopentoleti wa tsiku limodzi uja amakwanira.